Nyimbo Zimene Unandipempha

Mng'ono wanga,

Papita masabata atatu chitumizire uthenga wako uja, ndipo ndikudziwa kuti unaona kuti ndauwerenga. Unaulemba pakati pa usiku, uli pa shifiti, odwala ako atagona: "Asisi, nitumileniko nyimbo zakunyumba, vamene nimvela kuno vanilemesa." Ndinayamba kukuyankha kangapo n'kumafufuta. Kutumiza nyimbo zokoma makumi awiri ndi ntchito ya mphindi zisanu, koma ukanazipeza wekha pafoni popanda ine. Ndinaona kuti umafuna zina, ndipo mwa zinazo muli imodzi imene ndimaopa kukupatsa.

Lero ndakhala maola atatu ku Heavy Industrial Area, ndiye mpata wapezeka. Ndinapita kukagula malata a nyumba ya Amayi ndi ndalama zimene unatumiza, malata 24 a mamita atatu ndi theka. Amawadula pamakina uli pomwepo, koma nditangolipira malaiti anapita, ndipo anyamata anati ndidikire mpaka jenereta ipatsidwe mafuta. Ndinakhala pa benchi kunja kwa geti, pafupi ndi amayi ogulitsa nsima ndi mapazi a nkhuku kwa antchito. Ukuidziwa Okutobala wa ku Lusaka. Mathanki a mafuta anali atandandalika m'mbali mwa Mungwi Road, madalaivala atagona pansi pa magalimoto awo pothawa dzuwa, fumbi likulowa m'mano. Kutsidya kwa msewu mdala wina wowotcherera zitsulo, amenenso malaiti anamuimitsa ntchito, anakhala pa chigubu n'kutsegula kawailesi ka mabatire. Ndipo munatuluka gitala ya Paul Ngozi.

Choncho yoyamba ndi imeneyo: "Nizakupanga Ngozi" ya Ngozi Family, ya mu chimbale cha 45,000 Volts cha 1977. Usaimvere pa sipika ya foni, imamveka ngati udzudzu. Vala zam'makutu zija, ndipo masekondi oyambirira usatsate mawu, tsata gitala. Sillira moyera ngati gitala ya kutchalitchi. Imakhadzula, imanjenjemera, ngati waya wina wapsa m'kati. Oimba a nthawi imeneyo ankachita dala, podutsitsa mawu a gitala m'kabokosi koponda ndi phazi kamene kamawaphwanya asanafike ku sipika. Tsopano kumbuka makina a Atate owotcherera, aja olemera a mawaya okulungidwa pa thabwa, mmene ankang'ung'udzira kandodo kakangokhudza chitsulo. Ndi phokoso lomwelo. Ine sindingamve Paul Ngozi osanunkhiza chitsulo chopsa, ndiponso osaona kuwala kwabuluu kuja kumene Atate ankatikalipira kuti tisakuyang'ane, kuopa kuti usiku tingalire ndi maso ngati mwalowa mchenga. Iwe unayang'ana kamodzi, uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo Amayi anachezera kukuika nsalu yonyowa kumaso.

Atate ankati Paul Ngozi ndi wathu chifukwa anakulira ku Chibolya, ndipo ankaimba Chinyanja cha mumsewu, chimene aphunzitsi anzanga amachidula ndi cholembera chofiira. Dzina lake lenileni anali Paul Dobson Nyirongo. Anamwalira mu 1989, iwe usanabadwe, ine ndikukwawa. M'nyimboyi akuchenjeza munthu wobwera pakhomo pake wopanda ulemu, wonyamula nkhani za eni. Ukaimva udzakumbukira anthu ena a mumzere mwathu ku Matero, sindiwatchula.

Pali chinanso chokuseketsa. Chaka chatha ndinalanda foni mnyamata wina wa Giredi 11 amene ankamvera nyimbo m'kalasi, waya atabisa m'kolala. Nditamufunsa chimene chinali chokoma kuposa phunziro langa, anati, "Madamu, ni Tyler, the Creator, simungamuzibe." Ndinaika kukhutu. Inali "Noid", ndipo pakati pake panali gitala yomweyi ndi mawu a Paul Ngozi, Chinyanja chathu, zotengedwa mu nyimbo ya 1977 ija. Ndinamuuza kuti amene akuimbayo ali ndi msewu wa dzina lake ku Kabwata, umene ndimadutsa popita kukakwera basi. Sanakhulupirire mpaka anafufuza yekha. Foni ndinamubwezera Lachisanu, monga mwa lamulo. Ndiye anzako a kuntchito akakufunsa kuti kwanu kuli nyimbo zanji, yamba ndi imene ana awo akuidziwa kale.

Yachiwiri si yokoma kwa ife, koma ndi yathu: "Common Man" ya P.K. Chishala. Ndi ya Chibemba, ndipo ndikudziwa kuti Chibemba chako chinathera pa moni ndi kutukwana makondakitala. Usadandaule, nkhani yake unaidya ndi nsima. Ndi wantchito wamba amene akudandaula kuti malipiro ake sakufika kumapeto kwa mwezi pamene mitengo ya zinthu ikukwera. Chishala anali wosaona kuyambira ali mwana, koma ankatchula zinthu zimene oona ankaopa kuzitchula. Kalindula wake amayenda pa besi. Tchera khutu pansi pa nyimboyo: besi siima pamalo amodzi kudikira ng'oma, imayenda yokha, kukwera ndi kutsika, ngati munthu wofulumira wapansi.

Ndipo anthu ake ankayendadi pansi. Iwe unali wamng'ono, koma ine ndimakumbukira. Isanakwane 06 koloko m'mawa, amuna a ku Matero, ku George ndi ku Lilanda ankatsika m'magulu kulowera ku mafakitale, atavala maovolosi abuluu, ena atanyamula nsima ya dzulo m'kachitini. Basi inali ya pa tsiku la malipiro. Atate ankadutsa pa Buseko, pamene amagulitsa mapulanga ndi udzu, n'kukalowa pa geti ya kampani yopanga zitsulo imene anaigwirira zaka 19. Mu 1996, nthawi imene makampani a boma ankagulitsidwa ndipo ena ankangotsekedwa, anabwera kunyumba dzuwa lili pamutu, tsiku la pakati pa sabata. Anali ndi kalata m'thumba ndi magalasi awo owotcherera m'manja. Sananene kanthu. Anakhala pa sitepe, n'kuika kaseti ya Chishala, n'kuibweza ndi cholembera kuti asathe mabatire. Anaimvera mwina kasanu. Amayi anatitumiza kwa aneba kuti tikasewere, ngakhale inali nthawi ya chakudya.

Ndalama zawo za ntchito zinabwera patapita zaka, zidutswazidutswa, zitatha mphamvu. Ndi gawo loyamba anagula makina aja, n'kuyamba kupanga mageti, mafelemu a mawindo ndi mbaula m'mbali mwa msewu. Mbaula zimenezo ndizo zinandifikitsa ku yunivesite, ndipo ndizo zinakulipirira chaka choyamba cha unesi. Ndaiikamo chifukwa ukakhala kutali, kwanu kumayamba kuoneka ngati Khirisimasi yokhayokha. Chaka chatha thumba la ufa la makilogalamu 25 linadutsa K300, ndipo mdala wa kawailesi uja anandiuza kuti masiku ena malaiti amabwera usiku okhaokha, moti amagona pantchito kuti awotcherere anthu ali m'tulo. Nyimbo ya Chishala sinakalambe. Ndikanakonda ikanakalamba.

Tipume pang'ono. Yachitatu ndi ya Amayi, ndipo ndi yovina: "Chalo Chuwama na Wako" ya Angela Nyirenda. Iyi uiike Loweruka m'mawa pokolopa, kamwana kako kali pafupi. Mawu a Angela ndi a kum'mawa kwenikweni, akuluakulu, otuluka pachifuwa, ngati a mayi amene akuitana mwana ali kutsidya kwa dimba. Kumbuyo kwake kuli kaimbidwe ka a Sakala Brothers kamene amakatcha makewane. Amayi akaimva amaiwala kuti mawondo amawapweteka. Amamanga chitenje m'chiuno, nkhope n'kuuma ngati akukwiya, chiuno chokha n'kumagwira ntchito. Pa kitcheni pate yako, mwezi umodzi usanakwere ndeke mu 2019, anavina mpaka alangizi anawagwira dzanja kuti apatseko mpata akuchimuna. Uli nayo vidiyo yake, koma m'vidiyomo simumveka zimene anandinong'oneza atakhala pansi, akupuma movutika: "Nivinilatu, kaya ngati nizamuvinila futi." Ndinawaseka tsiku limenelo.

Mwana wakoyo asamve Chinyanja pokhapokha ukamukalipira. Muyambitse ndi iyi, mumange kansalu m'chiuno. Akaseka, wayamba kuphunzira.

Liwu la Amayi lija landifikitsa pa yachinayi, "Kaya" ya Danny. Iyi ndi yako ndi ine, si ya makolo. Ndi ya zaka zimene mabasi a mu Lusaka anali abuluu, tikupanikizana anayi pa mpando wa atatu kuchokera pa Lumumba, kondakitala atalendewera pakhomo, sipika ili pansi pa mpando ikukugwedeza nthiti. Unali mu Giredi 7 kapena 8, ndipo unkaiimba pochapa mbale, ukutsanzira mawu ake osalala aja. Tonse tinkaivina. Zinanditengera zaka kuti ndimve chimene tinkavina: munthu akunena kuti sadziwa ngati adzafika kutsogolo kumene anzake akukonzekera. Kumbukira nthawi yake. Loweruka lililonse malole odzaza anthu oimba ankalowera ku Chingwere. Mumzere mwathu mokha munachoka anthu angati? Anti athu aang'ono anapita chaka chimene mankhwala otalikitsa moyo anali atangoyamba kuperekedwa ulere ku kiliniki, atachedwa ndi miyezi yochepa chabe. Sitinkatchula matendawo. Tinkangoti adwalitsa. Danny anatipatsa liwu limodzi lonenera zonsezo, ndipo analiika pa kaimbidwe koti ungavine pa ukwati.

Anzako a kumeneko akakufunsa tanthauzo la liwulo udzavutika. Si "sindidziwa" chabe. Muli kukweza mapewa, muli kutopa, muli kuseka pang'ono, ndiponso muli kusiyira Mulungu. Malaiti abwera liti? Kaya. Malipiro alowa? Kaya. Ndipo iwe, ndikakufunsa kuti ubwera liti, umandiyankha ndi liwu lomwelo. Wandiyankha choncho zaka zinayi.

Mwina ukudabwa kuti "Tiyende Pamodzi" ilibemo, poti aliyense wa ku Zambia amene ali kunja amaiika poyamba. Ndaisiya dala. A Kaunda anamwalira pa 17 Juni 2021, dziko linalira masiku 21, ndipo mawailesi onse ankaimba nyimbo zachisoni ndi imeneyo. Atate anapita sabata yotsatira. Ndinaimva m'galimoto popita kuchipatala ndi chakudya chimene sanadye, ndinaimva pamzere wodikira mpweya, ndinaimva pobwera ku Chingwere titakhala pa bokosi la zokumbira. Iwe unali pafoni imene msuweni wathu anaikweza m'mwamba pamanda, netiweki ikudukaduka, nkhope yako itaima pagalasi pakamwa pali potsegula. Zambia inali pa mndandanda wofiira wa dziko la Britain. Ukanabwera, pobwerera ukanatsekeredwa m'hotela masiku 10 ndi kulipira mapaundi 1,750, kusiya odwala ako pamene anesi anali osowa, ndipo ngakhale ukanatero, maliro a matenda aja sankadikira munthu. Ndikulemba zimenezi kuti udziwe kuti ndikuzidziwa, ndipo sindinakuimbepo mlandu. Koma nyimboyo sindingakutumizire. Ukaifuna uipeze wekha.

Yachisanu ndi yaifupi kuifotokoza: "Aweah" ya Yo Maps. Sindinganame kuti ndimaikonda ngati zinazo. Ana a sukulu anandilowetsa nayo m'mutu mokakamiza. Koma Lusaka amene unamusiya sanaime kukudikira. Pali misewu yodutsa pamwamba imene sunaiyendepo, ndipo mnyamata ameneyu anadzaza Heroes Stadium mu Meyi 2023, bwalo lonse lija, anthu olipira kudzamvera woimba wa kwathu. Phokoso linkamveka mpaka kwa Amayi. Lero lomwe, anyamata okweza malata pa lole ankaiimba. Uimvere kuti ukadzatsika pa eyapoti usadzaoneke ngati mlendo wofunsa za mabasi abuluu.

Tsopano ija ndimaiopa.

"A Phiri Anabwera" ya Nashil Pichen Kazembe. Ukuidziwa, aliyense amaidziwa, ndipo ndikudziwa kuti mtima wako wagunda utangoona dzinalo. Ndi nkhani ya munthu amene anachoka kwawo kukafuna ntchito kutali, nakhala zaka zambiri osabwerera, ndipo pobwera anafika ndi sutukesi yopanda kanthu, n'kupeza makolo ake anamwalira kale. Anthu amaiimba moseka. Gitala yake ndi yopepuka, yodumphadumpha, yoti agogo ndi adzukulu avinire limodzi, ndipo kupepukako ndiko kumaluma. Ku Matero inali nyimbo yonyozera matchona. Munthu akatsika basi atavala jekete ya bwino koma m'manja muli chabe, anyamata a pa kantemba ankayamba kuiimba ndi mluzu.

Ndinaichotsa pa mndandanda kawiri. Ndinkaopa kuti udzaiona ngati mwala umene ndakuponyera, ngati ndagwirizana ndi achibale aja amene ananena pamaliro kuti ndalama sizilira maliro. Ndinawamva, ndipo ndikudziwa kuti mawuwo anakufika, chifukwa nkhani zotere sizisowa wozinyamula. Koma ndili pa benchi paja ndinakumbukira zinthu ziwiri, ndipo ndaibwezeramo.

Choyamba, woimbayo naye anali kutali. Pichen anali wa ku Luapula, Chinyanja sichinali chilankhulo cha kwawo, ndipo anakhala zaka zambiri ku Nairobi akuimba ndi magulu a ku Kenya. Nyimboyi inatchuka kuno m'zaka za m'ma 1970 mwini wake akukhala kunja. Choncho ine sindiimva ngati ya munthu wokhala pakhomo amene akuseka wapaulendo. Ndiimva ngati ya wapaulendo amene akudziopseza yekha usiku, m'chipinda cha lendi, m'dziko la eni. Ukaimvera ndi khutu limenelo, kuseka kwake kumasintha.

Chachiwiri sunachidziwe, chifukwa Atate anandiuza ine ndekha, mochedwa, chaka chimene unapita. Unkadziwa kuti ankaikonda, kuti ankaiimba pometa ndevu Lamlungu pa kagalasi kothyoka kaja. Ife tinkayesa ndi nthabwala. Atate anachoka ku Katete mu 1977 ali mnyamata, atauza amayi awo kuti adzabwera akagula njinga ndi bulangete. Njinga anagula, koma anaona kuti njinga yokha ndi yochepa kwa munthu wa ku Lusaka, adikire agule wailesi. Atagula wailesi panabwera ukwati, kenako lendi, kenako ine. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa, ndikakonzeka bwino. Ankatumiza ndalama ndi anthu a basi, sanaphonyepo. Uthenga wa matenda unawapeza mochedwa, ndipo pofika kumudzi anapeza anaika dzulo lake. Anandiuza kuti anaima pa mtumbira ndi sutukesi yodzaza: shuga, sopo, chitenje, nsapato za amayi awo zimene anayesa saizi ndi kukumbukira. Anati, "Ine sutukesi yanga inali yozula, koma nenze a Phiri chimozimozi."

Ndiye ndimvere bwino, mng'ono wanga, chifukwa pafoni ndimalephera kunena izi, timangothera pa mitengo ya simenti. Palibe amene angakunene kuti unaiwala kwanu. Malata ndagula lerowa ndi ako. Mankhwala a shuga a Amayi ndi ako, thanki ya madzi ndi yako, fizi ya ana a malume ndi yako. Ndimadziwanso chimene chimakugwira. Poyamba anali matenda aja, kenako mimba, kenako mapepala. Koma mapepala anatha chaka chatha, unandiuza wekha. Chatsala ndi chimene unanena mwangozi mu Epulo, kuti sungabwere chimanjamanja, kuti tikiti ya anthu atatu payokha ndi ndalama zambiri, ndiye pali azakhali, amalume, azisuweni ndi a kutchalitchi, aliyense akuyembekezera kafoni, kajekete, kaperefyumu, ndipo ukapanda kuwapatsa adzati wakhwima. Unati udikire usonkhe bwino. Nditamva mawu amenewo ndinamva Atate.

Amayi sakudwala mwakayakaya, usachite mantha, sindikukubisira kanthu. Amapita okha ku msika, amakangana ndi ogulitsa makala monga kale. Koma maso akuchepa. Diso lamanzere laphimbika, ndipo lamanja a kuchipatala akuti shuga walifika. Ukatumiza zithunzi za mwana amaika foni pafupi ndi mphuno, kenako amandipatsa kuti ndiwafotokozere. Sabata yatha anandifunsa ngati mwanayo ali ndi mpata pakati pa mano ngati wako. Ndinati inde. Anati akufuna akaone okha, ndi chala ngati maso akana. Mdzukulu wawo ali ndi zaka zitatu ndipo sanamunyamulepo kumbuyo. Chitenje chomuberekera anagula ali ndi mwezi umodzi, chikadali m'pepala lake pansi pa matiresi, ndipo mwanayo akukula kuposa msinkhu wobereka.

Bwera nayo yopanda kanthu sutukesiyo. Ndikunenetsa. Muike zovala zanu ndi mankhwala a udzudzu basi. Achibale ndiwasamala ine. Ndakhala ndikuimirira kutsogolo kwa ana 70 tsiku lililonse kwa zaka 12, azakhali atatu sangandigonjetse. Wofuna kuimba mluzu aimbe, ndidzamuthandiza mawu ake poti ndimawadziwa onse. Ndalama za mwezi wa Novembala ndi Disembala usatumize, za mankhwala ndidzalipira ine, uziike ku tikiti. Nyumba ikhoza kudikira pulasitala chaka china.

Za kamvedwe kake, poti ndiwe nesi ndipo umakonda malangizo a kamwedwe. Ya Paul Ngozi ndi ya Yo Maps ndi za popita kuntchito, pa basi, kunja kukuzizira. Ya Angela ndanena kale, Loweruka, ndi mwana. Ya Chishala ndi ya tsiku la malipiro, ukaona zimene msonkho ndi lendi zakusiyira, kuti udziwe kuti si iwe woyamba m'banja mwathu. "Kaya" usaimvere pa shifiti ngati usiku umenewo mwataya wodwala. Zakalezi ukazifufuza upeza zina zojambulidwa ku mbale zakale, zothetheka ngati nsomba m'mafuta, ndi zina zoyeretsedwa. Tenga zothetheka. Ndi mmene zinkamvekera pa kaseti ya Atate, imene inali yojambulidwa ku kaseti ina, nayonso yojambulidwa ku ina. Yomalizayo uimvere uli wekha kunyumba, mwana atagona, kamodzi kokha, ndipo ukatha undiimbire ngakhale kuli usiku. Kuno tili patsogolo ndi ola limodzi mpaka kumapeto kwa mwezi uno, kenako awiri. Ukandikwiyira undiimbirebe, undikalipire ndi pakamwa, osati kungokhala chete masabata atatu ngati mmene ndachitira ine.

Jenereta inalira cha m'ma 15 koloko, ndipo malata anadulidwa. Ndinawawerenga kawiri, onse 24, ndi misomali yake makilogalamu asanu. Ndisananyamuke ndinawoloka msewu kukapereka moni kwa mdala wa kawailesi uja, ndipo ndinamufunsa ngati ankawadziwa Atate. Nditatchula dzina ndi kampani, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ankagwira shedi yoyandikana, ndipo anafunsa ngati ndine uja wa sukulu kapena uja wa ku chipatala. Ndinati wa sukulu. Anati, "Nanga uja mung'ono, amene anayangana moto?" Ndinati ali ku Leeds. Anagwedeza mutu, n'kufunsa ngati kumeneko kuli nsima. Ndinati ufa umapezeka, wodula. Anati ndikupatse moni.

Ndinakwera kutsogolo kwa lole mpaka ku Matero. Amayi anatuluka atamva malata akulira potsitsa, anawagwiragwira m'mphepete, n'kudzicheka pang'ono chala, koma sanasamale. Mmisiri akuti ayamba Lolemba, ndipo akachita changu denga likhala litatha mvula yoyamba isanagwe. Chipinda chakumbuyo chija, chimene chinkadontha pa bedi lako, ndicho ayambire. Amayi afunsa ngati achipake utoto tsopano kapena adikire udzasankhe wekha mtundu. Ndawauza kuti ndikufunsa.

Ndine,
mkulu wako.